Siyani kudzifunditsa nsalu ngati mukuthawa ngongole

"Mundisokere chachikulu ndithu, chobisa mimba." Mawu amenewa ndawamva mpaka makutu anga akalamba nawo. Mayi alowa, andipatsa nsalu, ndipo ndisanatenge n'komwe tepi wandiuza kale kuti akufuna chovala chotaya thupi kuchokera m'khosi mpaka m'mawondo. Ndikamuyang'ana ndimapeza kuti ndi uja wa chifuwa chodzadza, mapewa otambalala, pamimba potuluka, koma m'chiuno mwake ndi mopyapyala ndipo miyendo ndi yowongoka bwino. Azamafashoni amati limeneli ndi thupi la ngati apozi. Ine dzinalo silindisangalatsa, poti munthu si chipatso, koma tiligwiritse ntchito kuti timvane.

Nsalu imapachikika pa malo amene atuluka kwambiri, n'kugwa molunjika kuchokera pamenepo. Pa thupi lotere malowo ndi pachifuwa. Ndiye mukavala chotaya, chimachokera pansonga ya chifuwa n'kutsika ngati katani, ndipo diso la wokuonani limaganiza kuti ndinu wamkulu chomwecho mpaka pansi. Mimba mwaibisa, inde, koma mwabisa nayo pamodzi zonse zimene zikanakukometsani. Miyendo ija anzanu amaisirira mwaikwirira m'thumba.

Pali malo amodzi amene ambiri sadziwa kuti ali nawo: m'munsi mwenimweni mwa mabere, pamene pamadutsa lamba wa kamisolo. Pa thupi la apozi pamenepa ndiye pocheperapo pa thunthu lonse, osati pamchombo. Diresi iliyonse imene ndimasokera munthu wotere ndimayambira pamenepo.

Ndikuuzeni za mayi wina amene ndinamusokera kwa zaka zingapo, chifukwa miyeso yake ndimaikumbukira bwino, komanso pa chifukwa china chimene ndinena kutsogoloku. Anali wamtali masentimita 160. Pachifuwa anali 112, m'munsi mwa mabere 94, pamimba 106, m'matako 104. Taonani manambalawo. Mimba ikuposa matako ndi masentimita 2 okha, koma pakati pa chifuwa ndi m'munsi mwake pali kusiyana kwa masentimita 18. Chuma chake chinali pamenepo, ndipo zaka zonsezi ankachiphimba ndi mabulauzi a masentimita 130.

Tsiku loyamba sindinadule nsalu. Ndinamubweza kuti akagule kamisolo womukwana. Amene anavalayo anali wotha lasitiki, mabere atatsikira pamimba, moti pakati pake panalibe mpata. Kamisolo wabwino amanyamula ndi lamba wa m'munsi, osati ndi zingwe za m'mapewa. Mukaona kumbuyo kwake kukukwera m'mwamba, dziwani kuti lambayo wakula kapena watha. Atabweranso, mabere atakwera, mpata unaoneka, ndipo m'pamene ndinayeza mwatsopano.

Msoko wa m'chiuno mwa diresi ndinauika masentimita 3 m'munsi mwa kamisolo. Apa m'pamene atelala ambiri amaphonya. Amauika pomwepo koma n'kukwinya nsalu yambiri kutsogolo, ndiye mayi amatuluka akuoneka ngati woyembekezera, anthu n'kumamufunsa mafunso omupweteka mtima. Kutsogolo sikufuna makwinya. Siketi yake ndinaidula zigawo zimene zikunka zikutambalala pang'onopang'ono, kutsogolo kuli see, kutambalala kwambiri kuli m'mbali. Pamimba ndinasiya mpata wa masentimita 6 kuti nsalu izingopakhudza, isamamatire. Kumpendero inazungulira masentimita 150 ndipo inathera pabondo. Kutambalala kwa kumunsiko n'kumene kumayankha kukula kwa mapewa. Thupi likalemera kumtunda, simungalichepetse ndi lumo, koma mungathe kuwonjezera pang'ono kumunsi kuti ziwirizi zilingane.

Khosi ndinalidula la V, lotsika masentimita 16 kuchokera pa kadzenje ka pakhosi. V imakoka diso kuchokera m'mbali kulibweretsa pakati, kenako pansi. Khosi lotambalala lochokera phewa ili kukafika phewa linalo limachita zosiyana: limajambula mzere wopingasa pamalo amene ndi otambalala kale. Kolala yotseka mpaka kummero nayonso imasandutsa chifuwa chonse kukhala chikhoma chimodzi.

Za manja ndiye ndimakangana ndi makasitomala pafupifupi sabata iliyonse. Munthu wa mapewa aakulu abwera ndi chithunzi cha diresi ya manja ofufuma ngati mabaluni, akuti yomweyi. Amene wavala pachithunziyo ali ndi mapewa opapatiza, ndipo manjawo anawapangira iyeyo. Inu mukawavala muwonjezera masentimita angapo mbali iliyonse. Chimodzimodzi timapilo tija amasokera m'mapewa a jekete: tichotseni, kapena musiye topyapyala kwambiri. Tingwe tating'ono ta m'mapewa nato sitithandiza, chifukwa kachingwe kochepa pa phewa lalikulu kamangolikulitsa. Chofunika n'chakuti msoko wa dzanja ukhale pa fupa la phewa penipeni. Ukagwera kunja, mapewa amatalika. Ukalowa mkati, nsalu imakoka kumsana ndipo mudzaona makwinya opingasa pakati pa mapewa. Palinso manja aja amene msoko wake umachokera m'khwapa n'kukwera mopendekera mpaka m'khosi. Amenewo amafewetsa phewa chifukwa palibe mzere wosonyeza pamene lathera. Mayi uja ndinamupatsa manja osafufuma othera m'munsi mwa chigongono. Manja othera molingana ndi nsonga ya chifuwa ndimawapewa, poti amaika mzere wina pamalo otambalala.

Bulauzi sindichedwapo. Ikwane m'mapewa ndi pachifuwa, zinazo telala akonza. Ithere pa fupa la m'chiuno kapena m'munsi pang'ono, itadutsa pamene mimba yatuluka kwambiri, koma isafike pakati pa ntchafu. Mabatani akamayasamula pachifuwa, yachepa, musakakamire. Nsalu ikhale yolemererako ndi yogwa yokha, monga kirepi kapena visikosi wokhuthala. Yopyapyala yotamuka imalemba chilichonse, mpaka mchombo, ndipo yowuma gwa imaima patali ndi thupi ngati katoni.

Thalauza ndi imene imavutitsa anthu ameneŵa m'masitolo. Mathalauza ogula amasokedwa poganiza kuti matako ndi aakulu kuposa pamimba. Inu muli mosiyana. Mukagula yokwana m'matako, zipi sitseka. Mukagula yokwana pamimba, kumbuyo kumatsala thumba lolendewera. Gulani yokwana pamimba, mupite nayo kwa telala achepetse m'mbali ndi kumbuyo. Kuchepetsa n'kotheka, kuwonjezera nsalu pomwe palibe n'kovuta. Lamba wake akhale wotambalala, wofika pamchombo kapena kupitirira pang'ono, wopanda makwinya kutsogolo. Thalauza yothera m'munsi mwa mimba imaikankhira m'mwamba n'kuisiya ikulendewera pa lamba. Miyendo yake ikhale yowongoka kapena yotambalala pang'ono kumunsi. Yothina mpaka m'akakolo mukhoza kuvala, popeza miyendo muli nayo, koma mukaiphatikiza ndi bulauzi yotaya mudzaoneka ngati chidebe chokhala pa timitengo tiwiri. Mtundu wowala, maluwa, matumba a m'mbali, zonsezo zitsitsireni kumunsi. Kumtunda kukhale kofatsa.

Tsono ndibwerere kwa mayi uja. Diresi inamukhala bwino, anasangalala, anabweranso ndi nsalu zina. Patapita miyezi inayi anabwera ndi diresi yoyamba ija kuti ikumuthina. Ndinayeza: pamimba 109. Ndinamasula msoko. Miyezi ina inayi, 113. Chifuwa chinali chomwecho, mikono chomwecho, ntchafu chomwecho. Munthu akamanenepa, tepi imasuntha paliponse, ngakhale pang'ono. Kwa iye inkasuntha malo amodzi okha. Ndinaziona zimenezi, manambala ndinawalemba ndi dzanja langa m'buku, koma ndinangoti si ntchito yanga, ine ndi wa singano ndi ulusi.

Ulendo wachitatu ndikumuyeza ndinamva chinthu cholimba pansi pa bulauzi. Anali atavala lamba wothinitsa mimba, uja wa tingowe tambirimbiri, amene anagula kwa munthu wina pamodzi ndi tiyi woti n'ngosungunula mafuta. Ndinamupempha kuti auvule, chifukwa sindiyeza munthu atamangidwa. Atauvula, khungu linali litalembeka mizere, ndipo m'munsi mwa mchombo munali molimba, osati mofewa ngati mafuta. "Mayi, kodi kuchipatala munapitako?" Anati ayi, wogulitsayo anamuuza kuti kulimbako ndi mafuta amene akusonkhana kuti atuluke. Ndi pomwe anandiuza kuti kumwezi kwake kwakhala kochuluka kwa chaka chathunthu, ndiponso kuti amakodza pafupipafupi. Kuchipatala anamupeza ndi zotupa za m'chiberekero, magazi atachepa kwambiri m'thupi. Anachira atachitidwa opaleshoni. Koma miyezi isanu ndi itatu ija, imene ine ndinkangomasula misoko, imandiwawabe.

Malamba amenewa sachotsa mafuta. Amangofinya zam'mimba kwa maola amene mwawavala, mukavula zimabwerera. Amakulepheretsani kupuma mokwanira, ndipo ambiri amadandaula kutentha pamtima chifukwa chifu chapanikizika. Ngakhale pa kavalidwe kenikeniko amawononga: mnofu umene wafinyidwa pakati umatulukira pamwamba ndi pansi pa lamba, ndiye diresi imene inagwa bwino imayamba kuonetsa mitumbira iwiri. Matiyi ambiri ochepetsa thupi amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba. Chimene mumataya ndi madzi, ndipo sikelo ikatsika lero, mawa ibwerera. Wogulitsa sadzakufunsani za kumwezi kwanu, sadzakugwirani pamimba, amangofuna mugulenso paketi ina.

Thupi la apozi ambiri amabadwa nalo, ena limabwera akamasiya kusamba, pamene mafuta amayamba kukhala pamimba m'malo mwa m'matako. Limenelo timalisokera, ndipo limavala bwino. Koma mimba imene ikukula yokha m'miyezi yochepa, yolimba, yopweteka, kapena yoti mukangodya pang'ono mwakhuta kale, imeneyo musabwere nayo kwa ine poyamba. Masiku ano kasitomala akabwera kachiwiri kuti ndimumasulire pamimba pokha, ndimatsegula buku, ndimamuonetsa manambala ake akale ndi atsopano, ndipo chovalacho ndimachisunga mpaka atandiuza kuti waonana ndi adokotala. Awiri anakwiya n'kukasoketsa kwina.