Sikwati Ikaima: Musankhe Liniya, Mafunde Kapena Buloko?

Munthu akangoyamba kunyamula zitsulo safuna dongosolo lambiri. Amangowonjezera makilogalamu 2.5 tsiku lililonse akalowa mu jimu, thupi n'kumavomera. Pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri zimenezi zimatha. Chitsulo chomwe chinkakwera sabata iliyonse chimaima, chifukwa ntchito yokwanira kukulimbitsani tsopano yakula kwambiri moti kutopa kwake sikutha m'masiku awiri. Apa m'pamene munthu amayamba kukonza kulemera ndi kuchuluka kwa maseti kwa masabata angapo am'tsogolo. Seti ndi marepu angapo otsatizana osapuma, ndipo repu ndi kunyamula chitsulo kamodzi. Njira zodziwika zilipo zitatu.

Sikwati ndi kunyonyomala n'kudzukanso chitsulo chili pamapewa. Tiyerekeze kuti pali munthu amene sikwati yake yolemetsetsa, ya repu imodzi yokha, ndi makilogalamu 140. Amalowa mu jimu katatu pa sabata, ndipo miyezi 3 yadutsa osasuntha.

Njira ya liniya ndiyo yakale. Inatchuka ndi Lev Matveyev, katswiri wa sayansi ya masewera wa ku Soviet Union, m'zaka za m'ma 1960. Mumayamba ndi chitsulo chopepukirapo ndi marepu ambiri, kenako sabata ndi sabata chitsulo chimalemera, marepu akuchepa. Munthu wathuyu angachite maseti 4 a marepu 8 m'masabata 4 oyamba, kuyambira makilogalamu 95 mpaka 102.5. Masabata 4 otsatira achite maseti 4 a marepu 5, kuyambira 107.5 mpaka 115. Kenako masabata 3 a maseti 3 a marepu 3, pa 120 mpaka 125, ndipo sabata ya 12 apume masiku angapo n'kuyesa 145. Ubwino wake ndi woti simungasokere. Vuto lake lili kumbali ziwiri: kumayambiriro mumatha mwezi wathunthu msana usanamve chitsulo cholemera, ndipo kumapeto ntchito imachepa kwa nthawi yaitali moti zomwe zinkakulitsa minofu zimasiyidwa. Palinso vuto la pepala. Manambala onse anawerengedwa kuchokera pa 140 uja, ndiye ngati 140 anali wa tsiku lamwayi, pofika sabata ya 7 mumapezeka mukulephera maseti omwe pepala likuti ndi osavuta.

Njira ya mafunde, imene ena amaitchula kuti anduletingi, siidikira mwezi kuti isinthe. Charles Poliquin, mphunzitsi wa zonyamula zitsulo, analemba za kusinthasintha kotere mu 1988, iye akusintha pa masabata awiri alionse, koma masiku ano ambiri amasintha tsiku ndi tsiku. Lolemba munthu wathu achite maseti 4 a marepu 8 pa makilogalamu 97.5. Lachitatu maseti 5 a marepu 2 pa 105, akudzuka mwachangu pa repu iliyonse. Lachisanu maseti 4 a marepu 3 pa 117.5. Tsiku lopepuka lili pakati dala: marepu ambiri a Lolemba ndiwo amasiya ntchafu zikuwawa, choncho Lachitatu limapereka mpata kuti Lachisanu mufike ndi mphamvu. Tsiku lililonse limakwera palokha. Mukamaliza maseti onse mukumva kuti marepu ena awiri akanatheka, sabata yotsatira onjezani makilogalamu 2.5 pa tsiku limenelo lokha. Sabata yachinayi kapena yachisanu iliyonse dulani maseti ndi theka.

Chimene chimawononga njira imeneyi si dongosolo ayi, koma mtima wa wonyamulayo. Lachitatu limaoneka lopepuka mochititsa manyazi, munthu n'kuyamba kuwonjezera zitsulo, mpaka masiku onse atatu asanduka olemera. Mudzadziwira Lachisanu. Maseti otenthetsera thupi a makilogalamu 100 amamveka ngati 120, chitsulo chimakwera mochedwa, mawondo ndi chiuno zimayamba kulira. Zikatero masabata awiri otsatizana, musathamangire dongosolo lina. Bwezerani Lachitatu pa 105.

Njira ya buloko imagwirizanitsidwa ndi mayina a aphunzitsi a masewera Vladimir Issurin, Anatoliy Bondarchuk ndi Yuri Verkhoshansky. Inakonzedwera akatswiri omwe thupi lawo silisunthanso pokhapokha litapanikizidwa pa chinthu chimodzi nthawi imodzi. Mumagawa nthawi m'zigawo za masabata 2 mpaka 4. Gawo loyamba ndi lounjika ntchito: maseti 5 a marepu 8 pa makilogalamu 90 mpaka 100, pamodzi ndi ntchito zothandizira zambiri za ntchafu ndi msana. Gawo lachiwiri limasandutsa ntchitoyo kukhala mphamvu: maseti 5 a marepu 4 pa 112.5 mpaka 117.5, zothandizira zija zitachepetsedwa. Gawo lachitatu ndi lalifupi, masabata 2, repu imodzi kapena ziwiri pa 125 kupita m'mwamba, maseti atadulidwa kwambiri kuti kutopa kuchoke.

Wina angafunse kuti kodi imeneyi si liniya yomweyo? Kunena zoona, kwa munthu amene akungofuna mphamvu pa sikwati, pa benchi yokankha chitsulo utagona chagada, ndi pa dedilifiti yonyamula chitsulo kuchokera pansi, ziwirizi ndi mphuno ndi maso. Kusiyana kwake n'koti buloko imasintha mwadzidzidzi, imasinthanso mitundu ya masewerawo, ndipo imadalira kuti zimene munapeza m'gawo lapitalo sizitha msanga. Issurin ankawerengera kuti mphamvu yonyamulira cholemetsetsa imakhalabe pafupifupi masiku 30 mutasiya kuilimbikira, pomwe liwiro limazimiririka pasanathe sabata. N'chifukwa chake gawo loyamba likatalika mpaka masabata 6 kapena 8 osakhudza cholemera, gawo lachiwiri limatha mukungobwezeretsa zomwe zinatayika. Mankhwala ake ndi osavuta: kamodzi pa sabata m'gawo loyamba, musanayambe maseti anu, nyamulani repu imodzi pa makilogalamu 120.

Nanga kafukufuku akuti chiyani? Mu 2002 Matthew Rhea ndi anzake anayerekeza liniya ndi mafunde a tsiku ndi tsiku kwa masabata 12, ndipo a mafunde anapeza mphamvu zochulukirapo. Kafukufuku wina amene anatsatira nthawi zambiri wapeza kusiyana kochepa ngati ntchito yonse ili yofanana, makamaka pa kukula kwa minofu. Choncho chosankhira chenicheni ndi moyo wanu, osati dzina la njirayo.

Yambani ndi funso la tsiku. Ngati muli ndi mpikisano kapena tsiku loyesa mphamvu masabata 10 mpaka 12 kutsogoloku, tengani buloko kapena liniya n'kuwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsikulo. Ngati tsiku loterolo palibe, palibenso chifukwa chodulira ntchito kuti mufike pachimake, ndipo mafunde ndiwo akuyenerani. Funso lachiwiri ndi loti mumachita sikwati kangati pa sabata. Kamodzi kokha? Palibe choti musinthesinthe m'kati mwa sabata, ndiye liniya ndi yokwanira. Kawiri? Mafunde amathekabe: tsiku la marepu 8 ndi tsiku la marepu 3. Ndipo ngati ntchito kapena banja limakudumphitsani masiku kawirikawiri, pewani buloko, chifukwa kuphonya sabata imodzi m'gawo la masabata 3 ndi kutaya gawo lalikulu la cholinga chake. M'mafunde mumangopitiriza pomwe munasiyira.

Munthu wathu wa 140 alibe mpikisano ndipo amabwera katatu pa sabata, choncho ayambe ndi mafunde kwa masabata 12 osasintha kanthu. Ngati Lachisanu lake lafika pa maseti 4 a marepu 3 pa makilogalamu 125, ndiye kuti wadutsa kale 140 ngakhale sanayese. Lachisanu likaima koma Lolemba likukwerabe, ndiye kuti ntchito ya marepu ambiri ikumudyera mphamvu: achotse seti imodzi kapena ziwiri Lolemba kwa masabata 3, aone ngati chitsulo cha Lachisanu chiyambanso kusuntha.