Kuyeza mbale ya nsima ya pamsika ndi dzanja, kapu ndi sipuni

Uthengawu ndi wa anthu amene amadya nkhomaliro m'malesitilanti a pamsika kapena pachiwaya, makamaka odwala matenda a shuga ndi omwe a chipatala anawauza kuti achepetse thupi. Simungapite ndi sikelo pamsika, koma dzanja lanu lingakuuzeni mongoyerekeza kuchuluka kwa zinthu zitatu zimene zili m'mbale: zopatsa mphamvu monga sitachi ndi shuga, zomanga thupi, ndi mafuta.

Yambani mwadziwa kukula kwa nkhonya yanu, chifukwa manja amasiyana. Kapu yoyezera ndi mamililita 250, lomwe ndi theka la botolo la madzi akumwa la mamililita 500. Dzazani jagi ndi madzi mpaka pakamwa, muliike m'beseni, ndipo mumize nkhonya kulekeza pamfundo ya dzanja. Madzi otayikira m'beseniwo muwathire m'botolo lija. Akafika theka, nkhonya yanu ndi kapu imodzi. Abambo ambiri a manja akuluakulu amapeza kuti yawo imapitirira.

Nsima ndiyo yofunika kuyamba nayo, poti ndi imene imadzaza mbale. Mtanda wofanana ndi kapu imodzi umakhala ndi magalamu pafupifupi 50 a sitachi ndi magalamu 5 a zomanga thupi. Musawerenge mitanda chabe, chifukwa chipande cha mayi uyu si chofanana ndi cha mayi uyo. Ikani nkhonya pambali pa mtanda muone. Komanso nsima yolimba ili ndi ufa wambiri kuposa yofewa ya kukula komweko. Ena amati ya mgaiwa angadye mmene afunira. Ayi ndithu. Mgaiwa uli ndi gaga wothandiza m'mimba, koma sitachi yake sisiyana kwambiri ndi ya ufa woyera. Mpunga wophika kapu imodzi uli ndi magalamu 45 a sitachi.

Nyama, nkhuku kapena nsomba muyeze ndi chikhatho, osaphatikiza zala, ndipo makulidwe akhale a chikhathocho. Mnofu wotere umapereka magalamu 20 mpaka 25 a zomanga thupi. Fupa lisakupusitseni: phiko la nkhuku limaoneka lalikulu, koma mukalikungudza mnofu wake sufika ndi theka lomwe la chikhatho.

Pamene anthu amaphonya kwambiri ndi pa mafuta, chifukwa amabisala. Sipuni yaikulu, ya mamililita 15, ndi magalamu 14 a mafuta, ndipo kukula kwake ndi ngati chala chanu chachikulu. Mphamvu ya m'chakudya imayezedwa m'makalori. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9, pamene ya sitachi kapena ya zomanga thupi imapereka 4 okha. Pendekani mbale pang'ono. Ngati m'mphepete mukusonkhana mafuta ofiirira a tomato, ndipo masamba akunyezimira, werengani sipuni yathunthu. Tchipisi ndiye choipiratu pamenepa, poti mafuta amalowa mkati mwa mbatata ndipo maso sangawaone. Jumbo kapena pepala likanyowa, dziwani kuti sipuni imodzi yapitirira.

Tiyeni tiwerenge mbale imodzi. Mwagula mitanda iwiri ya nsima, uliwonse wofanana ndi kapu, ntchafu ya nkhuku yokazinga ya mnofu wa chikhatho chimodzi, nyemba theka la kapu, ndi mpiru wothira mafuta. Nsima ikupereka magalamu 100 a sitachi ndi 10 a zomanga thupi. Nyemba zili mbali ziwiri: magalamu 20 a sitachi ndi 7 a zomanga thupi. Nkhuku ndi magalamu 20 a zomanga thupi, ndi mafuta okwana 10 ngati mwadya ndi khungu lomwe. Onjezani sipuni ya mafuta a mumsuzi ndi mumpiru, magalamu 14. Zonse pamodzi ndi magalamu 120 a sitachi, 37 a zomanga thupi ndi 24 a mafuta. Chulukitsani 120 ndi 4, 37 ndi 4, 24 ndi 9, ndipo mupeza makalori pafupifupi 850. Mukatsitsira ndi botolo la Coca-Cola la mamililita 300, mwaonjeza shuga wa magalamu oposa 30, ngati masipuni a tiyi 8. Mukasiya mtanda umodzi, sitachi itsika kufika pa magalamu 70.

Njirayi ndi yongoyerekeza, ndipo mbale ziwiri zooneka zofanana zingasiyane ndithu. Ngati muli ndi kamakina koyezera shuga, yezani pakatha maola awiri mutadya, ndipo mulembe zotsatirazo pamodzi ndi nkhonya za nsima zomwe munadya. Shuga akamakwera kwambiri pa mbale yomwe mumaiyesa yaing'ono, ndiye kuti mwina mukuchepetsa powerenga. Amene mumabaya jakisoni wa insulini kapena kumwa mankhwala otsitsa shuga, musadule nsima mwadzidzidzi kapena kusintha mlingo wa mankhwala panokha, chifukwa shuga angatsike mpaka kukomoka. Tengani zomwe mwalembazo mukaonetse kuchipatala pa tsiku lanu la kiliniki.