Si ndalama zonse zosowa zomwe zabedwa

Wina angafunse kuti: “Akuba andilowera pakhadi ya ku banki, ndiitseketse?”

Musathamange. Ambiri muno mu Mzuzu amaganiza kuti ndalama zikachoka osadziwa, ndiye kuti zabedwa. Yang'anani sitetimenti ya miyezi 3 yapitayi. Ngati dzina lomwelo, monga GOOGLE kapena APPLE.COM/BILL, likudula tsiku lofanana mwezi uliwonse, mwina munalembetsa pulogalamu ina yolipira mwezi ndi mwezi n'kuiwala, kaya mwana anadina pafoni. Makwacha akhoza kusiyana pang'ono poti mtengowo amauwerengera m'madola. Zoterozi kaletseni pomwe munalembetsa, pagawo la pafoni lotchedwa Subscriptions. Kungofufuta pulogalamuyo sikuimitsa malipiro.

Koma mukaona kandalama kakang'ono koyesera, kenako zochuluka zikutsatizana, imbirani banki panambala ya kuseri kwa khadi, aitseke, mukalembe dandaulo. Wokuimbirani kufuna PIN kapena OTP, nambala yogwira ntchito kamodzi yomwe banki imakutumizirani, musamuuze.