Maola olembedwa pa kandulo amachokera pa sikelo

Kapepala komata pa botolo la kandulo yopangidwa pamanja kamakhala ndi mawu ochepa. Kamanena zimene zili mkatimo, kulemera kwake, fungo lake, maola amene idzayake ndi kasungidwe kake. Pa zonsezi, chimene opanga ambiri amalemba mongoganizira ndi maola oyakawo. Wina amaona kandulo ya mnzake yofanana kukula yalembedwa maola 40, naye n'kulemba 40. Ine amene ndimapanga makandulo ndimaona kuti uku n'kumulakwira wogula, chifukwa nambala imeneyi ingapezeke bwinobwino ndi sikelo ya kukhitchini, wotchi ndi kuleza mtima. Ndipo poipeza, munthu amadziwanso ngati kanduloyo ndi yabwino kuiyatsa m'nyumba mwa anthu.

Tiyambe ndi kulemera, pakuti masamu onse atsamira pamenepo. Kulemera kolembedwa pa kapepala kuyenera kukhala kwa zamkati zokha, osaphatikiza botolo ndi chivindikiro. Tiyerekeze kuti tili ndi botolo lagalasi lotakata masentimita 7 mkati mwake. Tamatamo chingwe, taliika pa sikelo lopanda kanthu, lalemera magalamu 180. Tathiramo phula, lauma, tayezanso, tsopano ndi magalamu 380. Ndiye kuti kandulo yathu ndi ya magalamu 200, ndipo nambala yoyenera pa kapepala ndi imeneyo. Musatengere nambala ya mamililita yolembedwa pansi pa botolo, chifukwa phula ndi lopepuka kuposa madzi. Malo amene angalowe magalamu 100 a madzi amalowa phula la magalamu pafupifupi 90 basi.

M'magalamu 200 amenewa si onse phula. Mu chitsanzo chathu muli phula la soya magalamu 185 ndi mafuta onunkhira magalamu 15, kutanthauza kuti mafutawo ndi pafupifupi 8 peresenti ya phulalo. Mitundu yambiri ya phula la m'mabotolo imalandira pakati pa 6 ndi 10 peresenti, ndipo wogulitsa phula amanena malire a mtundu wake. Kupyola malirewo sikuwonjezera fungo monga ambiri amaganizira. Mafuta otsala amatuluka pamwamba ngati thukuta, amatseka chingwe, nthawi zina amakulitsa lawi ndi kuchulukitsa mwaye. Pa kapepala tchulani mtundu wa phula mosabisa. Ngati mwasakaniza soya ndi phula la parafini, lija lolimba lochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, lembani kuti n'zosakaniza. Kulemba "soya" pokha pamene theka lake si soya ndi bodza, ngakhale kanduloyo itayaka bwino chotani.

Tsopano kuyesa kwenikweni. Kandulo ya soya musaiyese tsiku lomwe mwaithira. Isiyeni sabata imodzi kapena awiri, phula likhazikike ndi kugwirana ndi fungo. Ikakwana nthawiyo, dulani chingwe chitsale mamilimita 5, ikani kanduloyo pamalo athyathyathya, m'chipinda mopanda mphepo yodutsa, kutali ndi zenera lotsegula. Yezani, lembani, yatsani, ndipo muisiye iyake maola 4 inu muli pomwepo. Mukazimitsa dikirani phula liume ndithu, kenako yezaninso. Mawa lake dulaninso chingwe n'kubwereza zomwezo.

Nazi nambala za chitsanzo chathu. Ulendo woyamba sikelo yachoka pa 380 kufika pa 360, ndiye kuti apsa magalamu 20. Ulendo wachiwiri yafika pa 339, apsa 21. Wachitatu yafika pa 317, apsa 22. Onse pamodzi ndi magalamu 63 pa maola 12, kapena magalamu 5.25 pa ola limodzi. Onani kuti nambala ikukwera pang'onopang'ono. Lawi likamatsikira mkati mwa botolo, galasi limasunga kutentha, phula limasungunuka msanga ndipo limapsa mofulumirapo. N'chifukwa chake kuyesa kamodzi kokha kumanamiza. Munthu woyesa tsiku loyamba lokha angagawe 200 ndi 5 n'kupeza maola 40, n'kulemba mosangalala.

Koma maola 40 amenewo wogula sadzawaona, ndipo sayenera kuwaona. Kandulo ya m'botolo imayenera kusiyidwa pakatsala phula lokwana sentimita imodzi pansi. Phula lotsalalo ndi limene limatchinga lawi kuti lisafike pagalasi la pansi. Likatha, galasi limatentha kwambiri moti likhoza kusweka kapena kuwotcha tebulo. M'botolo lathu la masentimita 7, sentimita imodziyo ndi phula la magalamu pafupifupi 35. Choncho phula loti lipse ndi magalamu 165 okha. Tikagawa 165 ndi 5.25 tipeza maola 31 ndi kanthu. Pa kapepala ndingalembe "pafupifupi maola 30". Ndimatsitsa nambala dala, chifukwa kunyumba kwa wogula kuli mphepo, ndipo si aliyense amene amakumbukira kudula chingwe.

Masamuwa ndi ongokuunikirani njira. Kandulo imodzi ya mtundu uliwonse muiyatse ndithu mpaka pamapeto, maola 4 ulendo uliwonse, mukuwerenga maola enieni. Mavuto oopsa amabisala m'chigawo chomaliza, pamene botolo latentha kwambiri.

Pamene mukuyesa, maso anu akhale pa lawi ndi pa phula losungunuka, pakuti n'zimene zimakuuzani ngati chingwe chikugwirizana ndi botolo. Mwachizolowezi phula limasungunuka motakata masentimita awiri ndi theka pa ola lililonse, choncho m'botolo lathu liyenera kufika m'mbali pakatha maola atatu kapena anayi. Ngati maola 4 atha koma m'mbali mwatsala khoma lochindikala la phula louma, lawi likungoboola dzenje pakati, chingwe n'chaching'ono. Kandulo yotere imaoneka ngati yosatha msanga, pa sikelo imapsa magalamu ochepa, ndipo wopanga angakopeke kulemba maola ambiri. Zoona zake n'zakuti dzenjelo likazama lawi limamira m'phula n'kuzima, theka la kandulo lidakalipo. Kaphula kochepa kotsalira m'mbali pa ulendo woyamba sikodetsa nkhawa, kamasungunuka lawi likatsika.

Chingwe chikakula mopyola, zizindikiro zake n'zosabisika. Lawi limatalika ndi kugwedezeka ngakhale palibe mphepo, kamutsi kakuda kamatuluka pansonga pake, ndipo mkamwa mwa botolo mumada ndi mwaye. Pamutu pa chingwe pamamera kachibulu kakuda konga bowa, komwe kamagwera m'phula mukakagwedeza. Phula losungunuka limazama kupyola sentimita imodzi, ndipo botolo limatentha moti simungaligwire. Kandulo yotere musaigulitse. Sinthani chingwe, muyambirenso kuyesa. Chimodzimodzi mukasintha fungo, utoto, botolo kapena kumene mumagula phula, nambala zakale zija sizigwiranso ntchito, chifukwa mafuta ena onunkhira ndi olemera ndipo amakwera chingwe movutikira.

Za fungo, chofunika n'kulemba zimene mphuno idzamve. Mayina okongola monga "Usiku wa Chikondi" alibe vuto, koma pansi pake onjezani kuti ndi lavenda ndi vanila, kapena ndimu ndi sinamoni. Nenaninso ngati ndi mafuta ochokera ku zomera kapena opangidwa m'fakitale. Onsewa akhoza kuyabwitsa khungu kapena kuvutitsa munthu wa mphumu, ndipo mawu oti "zachilengedwe" sateteza wina aliyense. Wogulitsa mafuta onunkhira amakhala ndi pepala lofotokoza zoopsa za mafuta ake ndi mankhwala amene ena thupi lawo limadana nawo. Lipempheni, ndipo zimene malamulo a dziko lanu amafuna kuti zilembedwe muzikopere kuchokera pa pepalalo. Fungo mulimve kawiri, kandulo isanayatsidwe komanso ikuyaka, popeza ena amanunkhira kwambiri m'botolo koma akayaka amazilala. Ndipo musalembe kuti kandulo imachiritsa mutu kapena kusowa tulo. Zimenezo simunaziyeze.

Kasungidwe kamatsatira chikhalidwe cha phulalo. Phula la soya la m'mabotolo limasungunuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 45 mpaka 55, pamene phula la njuchi limafuna kupitirira 60. M'galimoto yotsekedwa yoimikidwa padzuwa kutentha kumafika pamenepo mosavuta, ndipo kandulo ikafewa chingwe chimapendekera kumbali. Chingwe chopendekera chimatenthetsa mbali imodzi ya galasi, komwe n'kumene kusweka kumayambira. Dzuwa limasuwitsanso utoto ndi kuchititsa phula loyera kukhala lachikasu, makamaka limene lili ndi vanila. Choncho pa kapepala lembani kuti isungidwe pozizira, pouma, posafika dzuwa, itaima chilili, chivindikiro chili chotseka kuti fungo lisauluke ndi fumbi lisalowe. Mufiriji musaikemo, kuzizira kwadzidzidzi kumang'ambitsa phula. Timawanga toyera tooneka pa soya si nkhungu ayi, ndi mmene phulalo limaumira kukazizira ndi kutentha mosinthasintha, ndipo sitilepheretsa kandulo kuyaka. Ndi bwino kumuuza wogula zimenezi asanadabwe.

Pali mawu ochenjeza amene sayenera kusowa ngakhale kapepala katachepa bwanji. Kandulo yoyaka isasiyidwe yokha, ikhale kutali ndi ana, ziweto, makatani ndi mapepala, ndipo ngati makandulo ali angapo atalikirane masentimita osachepera 10. Madzi asathiridwe pa kandulo yoyaka, chifukwa amathovutsa phula lotentha ndipo akhoza kuswa galasi.

Tikasonkhanitsa zonse, kapepala ka kandulo yathu kangalembedwe motere: "Kandulo ya phula la soya, chingwe cha thonje, fungo la lavenda ndi vanila. Zamkati: magalamu 200. Imayaka pafupifupi maola 30 mukamaiyatsa maola osapitirira 4 ulendo uliwonse. Dulani chingwe chitsale mamilimita 5 musanayatse. Lekani kuigwiritsa ntchito pakatsala sentimita imodzi ya phula. Musaisiye yokha ikuyaka. Ikhale kutali ndi ana, ziweto, makatani ndi mapepala, ndipo italikirane ndi kandulo ina masentimita osachepera 10. Musaithire madzi ikuyaka. Sungani pozizira, posafika dzuwa, yovindikira." Pansi pake onjezani dzina lanu, njira yokupezerani ndi tsiku limene munathira phulalo. Tsikulo mulilembenso m'kope mwanu pamodzi ndi mtundu wa chingwe, phula ndi mafuta a tsiku limenelo, kuti wina akadzadandaula za mwaye kapena botolo losweka, mudzadziwe makandulo ena amene anathiridwa naye limodzi ndi amene muyenera kuwaitanitsa.