Agogo sadapite ku Joni: mbiri ya mawu amene timauza ana pamaliro

Mayi anga atamwalira kumudzi kwathu, kufupi ndi Jali ku Zomba, mwana wa achemwali anga anali ndi zaka zinayi. Tsiku loika maliro anamutengera kunyumba ina pamodzi ndi ana anzake, monga timachitira. Madzulo atafunsa za agogo ake, azakhali ena anamuyankha mofatsa kuti, "Agogo apita ku ulendo." Kwa milungu ingapo mwana uja ankakhala patsinde pa mango m'mbali mwa msewu, kabaza aliyense akatulukira iye n'kuimirira kuti aone amene wakwera kumbuyo.

Azakhali aja sindiwaimba mlandu. Mawu amene ananenawo adawapeza, ndipo ali ndi kumene adachokera.

Kuyambira kale maliro ndi nkhani ya akuluakulu. Masamba akaikidwa pamsewu, aliyense amadziwa malo ake: amayi m'siwa, abambo panja, adzukulu kumanda. Mwana alibe malo pamenepo. Makolo ankati mwana ndi wosakhwima, sachedwa kutenga tsempho, choncho ankamutalikitsa ndi mtembo komanso ndi msitu wa kumanda, umene ngakhale wamkulu salowamo mfumu isanalole. Mwana ankangoona zotsatira zake, anthu a m'banja atameta mpala, ndi mphasa ya agogo itapindidwa.

Komatu makolo omwewo sankabisa imfa yeniyeniyo. Ankaiphunzitsa usiku pamoto, wina akati "Padangokhala," ana n'kuvomera "Tili tonse." Ankasimba kuti Chauta adatuma nanzikambe kukauza anthu kuti akafa adzaukanso. Nanzikambe adayenda monyang'wa, mwendo umodzi lero wina mawa, mpaka buluzi adamupitirira n'kukafika ndi uthenga wina, wakuti anthu akafa afa basi. Mwana womva nthano iyi ankakula akudziwa kuti wakufa sabwerera, asanaone n'komwe maliro a pakhomo pawo. Amene ankaisimba kawirikawiri anali agogo.

Nanga za ulendozi? Ine ndimaona kuti zidakula mphamvu nthawi ya ku Joni ndi ku Halale. Kwa zaka zambiri amuna a m'midzi yathu ankapita kumigodi ndi kumafamu, ena kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi, mpaka boma lidaimitsa kulemba anthu mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana. Munthu ankasowa zaka, kenako n'kutulukira ndi njinga ndi bulangete. Ena sankabwera konse, aja tinkawatcha matchona. Pamudzi wotero, kuuza mwana kuti wakutiwakuti ali pa ulendo linali bodza losavuta kukhulupirira, ndipo wamkulu ankapeza pothawira. Edzi itafika m'ma 1980, maliro adachuluka, ndipo mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004 ana ambiri adatsala m'manja mwa agogo. Lero agogo akamwalira, nthawi zambiri mwana wataya munthu amene amamuphikira phala ndi kugona naye chipinda chimodzi. Nthano za pamoto zidazilala, koma bodza la ulendo lidatsala.

Vuto ndi lakuti mwana wosakwana zaka zisanu amamva mawu monga momwe alili. Kwa iye imfa ili ngati kupita kumsika wa Songani, umapita n'kubwerako. Ambiri amayamba kumvetsa kuti imfa ilibe kubwerera akafika zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Ukati "agona", akhoza kuopa tulo. Ukati "atisiya", amafunsa mumtima kuti adalakwa chiyani. Zizindikiro zimaoneka: kudikira pamsewu, kukodza pogona pamene adasiya kale, kukakamira chitenje cha mayi ake akangoti atuluke.

Ndiye ndinagula kope pagolosale, n'kujambula ndi makala ndi makrayoni kankhani ka masamba asanu ndi limodzi. Tsamba lililonse chithunzi chimodzi, mawu ochepa pansi pake.

Tsamba loyamba muli agogo ndi kamtsikana pakhonde, akusankha matemba a ku Chilwa m'lichero, phiri la Zomba likuoneka patali. Mawu ake: "Agogo ankakonda mdzukulu wawo. Ankamupatsa mbatata yootcha, iwo n'kudya makoko." Lachiwiri agogo agona pamphasa, ndodo yawo ili pakhoma: "Agogo adakalamba kwambiri. Adadwala matenda aakulu zedi, amene mankhwala adalephera kuchiza." Mawu oti "aakulu zedi" ndinawaika dala, chifukwa mwana amene wangomva kuti kudwala kumapha amanjenjemera tsiku limene mayi ake adwala chimfine.

Tsamba lachitatu ndi limene linandivuta. Ndinalemba n'kufufuta kangapo, dzanja likufuna kuthawira ku "adatsogola" kapena "adatsikira kuli chete", mawu aulemu amene ife akulu timatonthozana nawo. Pomaliza ndinalemba kuti: "Agogo adamwalira. Mtima wawo udasiya kugunda. Sapumanso, sadyanso, samvanso kuwawa kapena kuzizira." Za kuzizirazo ndinawonjezera nditamva mwana wina akufunsa ngati agogo ake ali ndi chofunda kumanda mvula ikamagwa.

Poyamba ndinajambula nyanja ya Chilwa patsamba lachinayi, kuti ndifanizire ndi madzi amene aphwa. Achemwali anandiletsa, ndipo ananena zoona. Chilwa idauma mu 1995, idaphwanso kwambiri mu 2018, koma mvula itagwa madzi adabwerera, mabwato n'kuyambanso kuyenda. Mwana wa kuno amamva akulu akusimba zimenezi, ndiye fanizo lija likanamulonjeza zomwe ndimafuna kumuchotsa m'mutu. Chimodzimodzi mwezi, kapena chimanga chimene chimauma n'kumeranso. Ndinang'amba tsambalo n'kujambula kamtsikana kataima pamsewu: "Kabaza amabweretsa amalume. Minibasi imabweretsa azakhali. Koma agogo sadzabweranso, chifukwa munthu akamwalira sabwerera."

Lachisanu limayankha funso limene mwana sanena mokweza: "Si chifukwa cha iwe. Si chifukwa udakana kutumidwa kapena udalira usiku." Lomaliza muli amayi, amalume ndi kamtsikana akudyera pamodzi, lichero la agogo lili pakhoma: "Amayi adzakuphikira phala. Amalume adzakusimbira nthano. Ukawasowa agogo ukhoza kulira, ifenso timalira."

Za kumene mzimu wa agogo uli sindinazilembe m'kope. Kuno ku Zomba banja limodzi limatha kukhala ndi Akhristu ndi Asilamu, ena amachita sadaka, ena amadikira kumanga chiliza, ndipo kholo lililonse limafotokoza mwa chikhulupiriro chake. Chimene ndinapempha achemwali n'chakuti akanena za kumwamba asasiye kunenanso kuti thupi lidaikidwa m'manda, kuopa kuti mwana angayambe kuyang'ana pamwamba pa phiri n'kumapempha kuti timukweze akawaone.

Tinawerenga madzulo ena pakhonde pomwe pajambulidwa patsamba loyamba. Anamvetsera chete mpaka kumapeto, kenako anati, "Amalume, bwerezani." Ndinabwereza katatu. Mawa lake anafunsanso ngati agogo abwera pa Khirisimasi, ndipo ndinayankha ndi mawu omwe aja a patsamba lachinayi, osasintha ngakhale limodzi. Anafunsa choncho masiku ambiri, nthawi zina ali pakati pa masewera, n'kuthamanga kubwerera kwa anzake yankho lisanathe.

Patapita mwezi anasiya kupita patsinde pa mango. Tsiku lina anatenga kope lija n'kundipempha krayoni yobiriwira, akuti chitenje cha agogo ndinachipaka mtundu wolakwika.