Foni Ikatayika Kapena Nambala Ikasintha, Akaunti Imabwerera Bwanji?

Pa ntchito yanga yoteteza maakaunti a anthu, funso limene ndimalandira kawirikawiri kuchokera kwa anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndi lakuti, n'chifukwa chiyani kampani ikundivutitsa pamene akaunti ndi yanga? Wofunsayo amakhala atataya foni, mwina pa msika wa Nchalo, mwina m'madzi osefukira monga aja a namondwe wa Freddy mu 2023, ndipo amaona ngati mafunso amene akufunsidwa ndi chipongwe. Koma kampani siiona nkhope ya munthu. Imangolandira pempho lochokera pa foni yachilendo lonena kuti mwini wake ndine, foni yanga yatayika, ndipo wakuba amalemba mawu omwewo. Njira iliyonse imene ingakulowetseni mwachangu popanda umboni ingamulowetsenso iyeyo. Choncho chimene chimabweza akaunti ndi umboni umene munasiyiratu foni isanatayike, komanso ndondomeko imene mwatsata pouonetsa.

Tiyerekeze mayi wogulitsa nsomba zouma pa Bangula, amene foni yake yasowa madzulo akutsika bwato lochokera ku Makhanga. Mu foniyo muli simukadi imodzi, akaunti ya ndalama za pafoni, WhatsApp imene amalandirira maoda, ndi akaunti ya Google imene anamutsegulira mnyamata wogulitsa mafoni. Mayiyu amaganiza kuti chachikulu chimene wataya ndi foni. Kunena zoona, choopsa kwambiri ndi simukadiyo, chifukwa maakaunti ake onse amatumiza manambala otsimikizira ku nambala imeneyo. Munthu amene watola foniyo sasowa kuthyola loko wa pa sikirini. Amangochotsa simukadi, kuilowetsa mu kafoni ka mabatani, ndipo uthenga uliwonse wobwera amauwerenga iyeyo.

N'chifukwa chake choyamba kuchita, ngakhale usiku womwewo, ndi kubwereka foni ndi kuimbira kampani ya netiweki kuti itseke simukadiyo. Kukacha, mayiyu ayenera kupita ku ofesi ya kampani kapena kwa ejenti wovomerezeka ndi chiphaso chake cha unzika kuti akamupatse simukadi yatsopano ya nambala yomweyo. Yatsopano ikayamba kugwira ntchito, yakale imafa. Ndalama zake sizinali mu foni kapena mu simukadi, koma zinali m'kaundula wa kampani, kotero nambala ikabwerera amazipeza, pokhapokha ngati wakubayo anadziwa pini. Apa ndiyenera kunena mosabisa kuti pini yofanana ndi chaka chobadwa ndi yofooka kwambiri, makamaka kwa anthu amene amasunga chiphaso kuseri kwa chikuto cha foni, popeza tsiku lobadwa linalembedwa pa chiphasopo.

Vuto limene limagwetsa anthu ambiri kuno lili pa dzina limene simukadi inalembetsedwa. Kuyambira mu 2018, pamene bungwe la MACRA linakhwimitsa lamulo lolembetsa simukadi, nambala iliyonse imamangiriridwa ku chiphaso cha munthu mmodzi. Anthu ambiri, makamaka amayi ndi okalamba, analembetsa pa chiphaso cha mwamuna, cha mwana kapena cha mnansi amene anali ndi chiphaso tsiku limenelo. Ngati mayi wa ku Bangulayu analembetsa pa chiphaso cha mchimwene wake amene pano ali ku Joni, ndiye kuti pamaso pa kampani nambalayo si yake, ndipo wogwira ntchito amene akumukaniza akuchita bwino. Amene angalole kupereka simukadi popanda chiphaso cholondola ndi yemweyonso amene angapereke nambala yanu kwa munthu wina mawa. Nkhani ya dzina imakonzedwa mosavuta foni idakalipo, mwini chiphaso ndi mwini foni atapita limodzi ku ofesi.

Nambala ikabwerera, ndondomeko yotsatira ili ndi tanthauzo, ndipo ambiri amailakwitsa pothamangira WhatsApp. Yambani ndi akaunti ya Google. Mauthenga akale a WhatsApp pa foni ya Android amasungidwa ku Google Drive ngati mwini wake anayatsa kusungako, ndipo WhatsApp imafunsa za kuwabweza pa nthawi yolembetsa pa foni yatsopano. Ngati pa nthawiyo foni ilibe akaunti ya Google yakale, mauthengawo saoneka. Mayi wathu sadziwa mawu achinsinsi a Google, pakuti anawapanga ndi mnyamata uja. Akalowa pa g.co/recover ndi kulemba dzina la imelo yake, Google ingathe kutumiza manambala otsimikizira ku nambala ya foni ngati inalembedwa pa akauntiyo. Akalowa, asinthe mawu achinsinsi, kenako apite pa android.com/find, pamene angatseke foni yotayikayo kapena kufufuta zonse zili m'menemo. Lamulo lofufutali limagwira pokhapokha foniyo ikalumikizika ku intaneti, choncho musalidalire ngati kuti ntchito yatha.

Kenako abwere ku WhatsApp. Akalemba nambala yake, amalandira uthenga wa manambala 6, ndipo akangowalowetsa, amene anali kugwiritsa ntchito akauntiyo pa foni ina amatulutsidwa. Nthawi zina zimachitika kuti WhatsApp imafunsanso pini ina ya manambala 6 imene mayiyu sanaikepo. Chimenechi ndi chizindikiro chakuti wakubayo analowa ndi kuyatsa Two-step verification, kumene ndi kutsimikizira kwachiwiri kowonjezera pa manambala obwera pa uthenga. Ngati palibe imelo yobwezera pini, ayenera kudikira masiku 7. Masiku amenewa amawawa kwa munthu wa bizinesi, koma wakubayo amakhala atatulutsidwa kale, ndipo kudikira komweku ndi kumene kukanateteza mayiyu akanakhala kuti pini anaika ndi iyeyo ndipo wakuba ndi amene akuyesa kulowa. Pa sabata imeneyi ndi pamene pamabwera anthu olonjeza kutsegula akaunti lero lomwe ndi kandalama pang'ono. Palibe munthu wakunja amene angafupikitse masikuwo, ndipo amene akukupemphani kuti mumuwerengere manambala obwera pa uthenga akukupemphani kiyi weniweni wa akauntiyo. Chothandiza pa masikuwo ndi kuimbira abale ndi makasitomala kuwachenjeza kuti asatumize ndalama kwa aliyense wolemba m'dzina lanu.

Kusintha nambala mwadala ndi nkhani ina, ndipo ine ndimaiona ngati yoopsa kuposa kutaya foni, chifukwa munthu sachita mantha. Wina wasamuka kuchoka ku Ngabu kupita kudera kumene netiweki ina ndi imene imagwira bwino, wagula simukadi yatsopano, yakale waiponya m'kabati. Wina wa ku Marka amasinthasintha pakati pa nambala ya kuno yoyamba ndi +265 ndi ya ku Mozambique yoyamba ndi +258, mpaka imodzi yaiwalika. Nambala si katundu wa munthu mpaka kalekale. Ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitseka ndipo pambuyo pake imaigulitsa kwa munthu wina. Munthu watsopanoyo, ngakhale asakhale wakuba, amayamba kulandira mauthenga a ku banki kwanu, ndipo akalemba nambalayo pa Facebook n'kunena kuti waiwala mawu achinsinsi, manambala otsimikizira amapita kwa iye. Inu mukafuna kulowa pa foni yatsopano, manambalawo amapitanso kwa iye.

Choncho kusamuka kuchitike simukadi zonse ziwiri zili m'manja. Pa WhatsApp pitani ku Settings, kenako Account, kenako Change number, ndipo magulu anu ndi mauthenga a pa foniyo amasamukira ku nambala yatsopano. Pa Google ndi pa Facebook onjezerani nambala yatsopano, itsimikizeni, ndipo pokhapo chotsani yakale. Google imatha kutenga masiku ofika 7 isanayambe kudalira nambala yatsopano, ndipo cholinga chake ndi kupatsa mwini weniweni mpata wozindikira ngati wosinthayo ndi munthu wina. Ku banki pitani nokha ndi chiphaso. Ndalama za pafoni zitulutseni kapena zisamutseni. Zonsezi zikatha, sungani simukadi yakale ikugwirabe ntchito kwa mwezi umodzi, chifukwa pafupifupi nthawi zonse pamatulukira akaunti imodzi yoiwalika.

Palinso kuba nambala foni ili m'thumba mwanu, pamene munthu wanyenga wogwira ntchito ku kampani ya netiweki kuti amupatse simukadi ya nambala yanu. Chizindikiro chake ndi netiweki kusowa mwadzidzidzi. Kuno kuchigwa netiweki imasowa pa zifukwa zambiri, choncho yerekezani ndi mnzanu wa kampani yomweyo amene mwaima naye pamodzi. Ngati yake ikugwira, yanu ayi, ngakhale mutazimitsa ndi kuyatsanso foni, imbirani kampani tsiku lomwelo.

Funso lotsala ndi lakuti munthu angakonzekere bwanji popanda kufooketsa chitetezo. Ena akavutika kamodzi amazimitsa kutsimikizira kwachiwiri kuti asadzavutikenso, ndipo apo amakhala atasiya akaunti pa mawu achinsinsi okha. Njira yabwino ndi kukhala ndi umboni wachiwiri umene sukhala mu foni. Google imapereka manambala osungira 10, iliyonse ya manambala 8 ndipo yogwira ntchito kamodzi kokha, pansi pa 2-Step Verification pamene palembedwa Backup codes. Ndi imodzi mwa imeneyi pamodzi ndi mawu achinsinsi, mumalowa ngakhale foni ndi simukadi zonse zitapita. Pa WhatsApp ikani pini nokha ndipo onjezerani imelo imene mungathe kuitsegula popanda foniyo. Imelo imene mawu ake achinsinsi ali mu foni yotayika yokha siingakuthandizeni. Simukadi nayonso ili ndi pini yake imene ambiri sayatsa. Ikayatsidwa, wolowetsa simukadi mu foni ina amafunsidwa piniyo, ndipo akalakwitsa katatu imatsekeka mpaka atalowetsa PUK ya manambala 8, imene imalembedwa pa kakhadi kamene simukadi inabwera nako.

Manambala osungira aja alembeni pa pepala, osati pa chithunzi cha mu foni. Pa pepala lomwelo lembani PUK komanso nambala yozindikiritsa foni yeniyeniyo, osati ya simukadi, ya manambala 15, imene imaoneka mukaimba *#06# ndipo imafunika pokapereka lipoti ku polisi. Mawu achinsinsi ndi mapini musawalembe pamenepo, kuti wopeza pepalalo asapeze zonse. Kwa ife okhala m'mphepete mwa Shire ndi Ruo, madzi amene amatenga foni amatenganso pepala la m'nyumba yomweyo, choncho lembani mapepala awiri. Limodzi likhale mu jumbo yomanga bwino pamodzi ndi mabuku a kuchipatala, ndipo linalo, lomata mu envelopu, mukalisiye kwa m'bale wodalirika amene amakhala kumtunda.