Zithunzi za chiponde zidikire kaye

Okondedwa Mayi,

Ndalandira uthenga wanu woti zithunzi zisanu ndi chimodzi zija tiziike pa Facebook Lachisanu lino. Chonde mundipatseko mpaka Lolemba. Zithunzizo n'zokongola ndithu, koma botolo la chiponde limene likuoneka mmenemo si lanu.

Pulogalamu ya AI imene inapanga zithunzizi sijambula ngati kamera. Ngakhale tinaipatsa chithunzi cha botolo lanu, iyo imalipanganso mwatsopano potengera zithunzi zambirimbiri zimene inaphunzirirapo, ndipo pamene sinaone bwino imangodzazapo chilichonse chooneka ngati choyenera. Pa foni, munthu ali pa changu, sangazindikire. Zilembo zing'onozing'ono ndi manambala ndi zimene zimasokonekera kwambiri.

Dzulo ndinaika botolo lenileni pambali pa kompyuta, n'kumakulitsa chithunzi chilichonse, kuwerenga lebulo chilembo ndi chilembo. Pa lebulo yanu palembedwa 400g, koma pa chithunzi chachitatu pakuoneka 480g. Chivundikiro chanu n'chapulasitiki chofiira. Pa zithunzi ziwiri chasanduka chachitsulo. Pambali pa botolo pamwazidwa mtedza wautali wakunja, osati chalimbana amene mumagula kwa alimi. Penanso pali uchi ukudontha pa supuni, chonsecho mu chiponde chanu muli mtedza ndi mchere basi. Mayi wa ku Ndirande amene wagula poganiza kuti muli uchi adzati mwamunamiza, ndipo sadzafunsa kuti anapanga chithunzicho ndani. Dzina lili pa botolo ndi lanu.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri n'china. Pakona ya lebulo, pulogalamuyi yaikapo kachidindo kooneka ngati ka bungwe la MBS loona za miyezo ya katundu. Munandiuza nokha kuti chiphaso cha MBS mukuchidikirabe. Kuonetsa chidindo chimene simunapatsidwe si nkhani yaing'ono, ndipo bungwe la CFTC limalandira madandaulo a ogula pa malonda osocheretsa. Chithunzi chikangofalikira m'magulu a WhatsApp simungachibwezenso.

Sindikunena kuti titaye ntchito yonse. Tebulo lamatabwa lija, kuwala kwa m'mawa ndi buledi wodula, zonsezo zikhale. Botolo lokha ndilijambula ndi kamera, molunjika komanso chammbali, kenako ndiliika pamalo pa labodzalo n'kukonza mthunzi wake kuti ugwirizane ndi kuwala. Uchi ndi mtedza wakunja ndichotsa. Ndikamaliza, inu kapena amene amayang'anira kupakira aonenso chithunzi chilichonse botolo lili m'manja, chifukwa katunduyu mumamudziwa kuposa ine: kulemera kwake, mtundu wa chipondecho, ngakhale timafuta timene timayandama pamwamba.

Mawa m'mawa mutumize mabotolo awiri ku ofesi kwathu ku Ginnery Corner, limodzi lomata bwinobwino, lina lotsegula kale, pamodzi ndi fayilo ya lebulo imene munapereka kwa osindikiza. Zikafika isanakwane 9 koloko, Lolemba tidzakhala titakonzeka.

Ndine wanu pa ntchitoyi,
Wokonza zithunzi zamalonda